Mapiritsi olera ndi kuundana kwa magazi: akati chiopsezo chawirikiza kawiri, chachoka pa angati?

Mng'ono wanga amene amakhala ku Kawale anasiya kumwa mapiritsi olera chifukwa cha uthenga umodzi umene mayi wina anatumiza pa gulu la WhatsApp la banki mkhonde yawo. Uthengawo unali waufupi. Unkati akatswiri akunja apeza kuti mapiritsi olera amawirikiza kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha, ndipo kuti chiopsezocho chimakwera ndi 100 peresenti. Iye ali ndi ana awiri, wamng'onoyo anali asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo iye ndi bambo akunyumba anali atagwirizana kuti ayambe apuma kaye. Koma atangowerenga zimenezo, paketi anaiponya pansi pa sutikesi.

Anandiimbira patapita masiku angapo. "Achemwali, inu mumagwira ntchito ya manambala, tandiuzani. Akati 100 peresenti ndiye kuti aliyense womwa adzadwala?"

Ine ntchito yanga ndi yosanthula ziwerengero za kafukufuku wa zaumoyo kuno ku Lilongwe. Sindine dokotala, ndipo sindilembera munthu mankhwala, koma kuwerenga manambala otere ndi kumene ndimadyera. Ndinamuyankha kuti ayi. Chinthu chikakwera ndi 100 peresenti ndiye kuti chawirikiza kawiri basi: pamene panali mmodzi pali awiri, pamene panali 30 pali 60. Mawu amenewo sakuuza kuti poyambira panali angati, ndipo popanda kudziwa poyambirapo sungadziwe ngati nkhaniyo ndi yoti usiye nayo tulo kapena ayi. Ndinamuuza kuti andijambulire paketi yake ndi uthenga wonse, ndipo usiku womwewo ndinakhala pansi kufufuza kumene unachokera.

Chinthu choyamba chimene ndinapeza chinandiwawa mtima. Nkhani imene anadulako uthengawo sinkayerekeza amayi omwa mapiritsi ndi amayi osamwa. Inkayerekeza mitundu iwiri ya mapiritsi. Mapiritsi ophatikiza onse ali ndi esitirojeni, koma amasiyana mankhwala achiwiri amene amaphatikizamo. Akale ali ndi levonogesitirelo, ndipo ena atsopanopo ali ndi desogesitirelo kapena gesitodini. Nkhaniyo inkati atsopanowa amaundanitsa magazi pafupifupi kawiri poyerekeza ndi akale aja. Paketi ya mng'ono wanga inali ya Microgynon, imene amayi ambiri amalandira m'zipatala zathu, ndipo Microgynon ndi ya levonogesitirelo. Ndiye kuti iye anali kale mbali yotsikayo. Amene anafupikitsa uthengawo anachotsa mawu oti "poyerekeza ndi", ndipo atachoka amenewo tanthauzo lonse linatembenuka.

Komabe sindinafune kumunamiza kuti mapiritsi ake alibe vuto lililonse, chifukwa si zoona. Esitirojeni amachititsa kuti chiwindi chipange zinthu zambiri zoundanitsa magazi, choncho ngakhale mapiritsi akalewo amakweza chiopsezo. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, la European Medicines Agency, linaunika nkhaniyi mu 2013 ndipo manambala ake ndi awa. Pa amayi 10,000 amene sakumwa mapiritsiwa ndipo si oyembekezera, pafupifupi 2 amaundana magazi m'mitsempha pa chaka. Pa amayi 10,000 omwa a levonogesitirelo, ndi 5 mpaka 7. Pa omwa a desogesitirelo kapena gesitodini, ndi 9 mpaka 12.

M'mawa mwake ndinapita ku Kawale, tinakhala pakhonde ndi kope la mwana wake. Ndinamuuza kuti aganize za bwalo la Bingu litadzaza amayi okhaokha, anthu pafupifupi 40,000, ndipo tiwatsate chaka chathunthu. Ngati palibe amene akumwa mapiritsi, 8 adzaundana magazi. Ngati onse akumwa mapiritsi ngati akewo, adzakhala pakati pa 20 ndi 28. Ena onse odzaza bwalo lija adzamaliza chaka ali bwinobwino pa nkhani imeneyi. Anakhala chete kwa kanthawi kenaka anati, "Ndiye ndi katatu, osati kawiri." Ndinati eya, wawerenga bwino, ndi katatu, ndipo ukuona wekha kukula kwake kwa katatu ameneyu.

Masamu ake ndi a pulayimale. Pali njira ziwiri zoyerekezera manambala awiri, kugawa ndi kuchotsera. Titenge 6 ngati pakati pa 5 ndi 7. Tikagawa 6 ndi 2 tipeza 3, ndipo ndi pamene pamachokera mawu oti katatu. Tikachotsera 2 pa 6 tipeza 4, kutanthauza amayi 4 owonjezera pa 10,000 alionse pa chaka. Tikagawanso 10,000 ndi 4 tipeza 2,500: pa amayi 2,500 omwa mapiritsiwa chaka chimodzi, mmodzi adzaundana magazi amene akanapanda kumwa sakanaundana. Mayankho onsewa ndi oona ndipo akuchokera pa manambala omwewo. Ochita kafukufuku amakonda kugawa, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, pakuti kugawa ndi kumene kumaonetsa ngati mankhwala alidi ndi dzanja pa vutolo, komanso yankho lake silisintha kwambiri ukachoka dziko lina kupita lina. Olemba mitu ya nkhani amakondanso kugawa chifukwa katatu amamveka patali. Koma mayi amene wagwira paketi m'manja akufuna kudziwa za iye mwini, ndipo yankho lake limachokera pa kuchotsera.

Ndiyenera kunena poyera kuti manambalawa ndi a amayi a ku Ulaya. Tisawatenge ngati anayezedwa ku Kawale kapena ku Chinsapo. Chimene amationetsa bwino ndi msinkhu wa nkhaniyo, kuti tikukamba za anthu owerengeka pa zikwi khumi, osati pa khumi kapena pa zana. Komanso kuundana magazi si imfa nthawi zonse. Mapepala a m'mapaketi a mapiritsi ku Ulaya amati kumapha mmodzi kapena awiri pa odwala 100, ngakhale kuti kumeneko wodwala amapimidwa ndi kupatsidwa mankhwala osungunula magazi mwamsanga. Kwathu kuno munthu akachedwa kufika kuchipatala ngoziyo imakula, n'chifukwa chake zizindikiro zake ndi zofunika kuzidziwa. Ndidzazitchula kutsogoloku.

Chimene uthenga uja sunanene n'komwe, ndipo ndi chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri, ndi chimene chimachitika mayi akasiya. Munthu akasiya mapiritsi chiopsezo sichingotha n'kukhala phee. Amalowa m'chiopsezo china. Pa amayi 100 okhala pabanja osagwiritsa njira iliyonse yolera, pafupifupi 85 amatenga pakati chaka chisanathe, pamene pa omwa mapiritsi monga mmene anthu ambiri amamwera, kuiwala mwa apo ndi apo, ndi pafupifupi 7. Ndipo pakati pamaundanitsa magazi mofanana ndi mapiritsi kapena kuposa. Bungwe la ku America loona za chakudya ndi mankhwala, la FDA, limati pa amayi 10,000 oyembekezera, akawerengera pa mlingo wa chaka, 5 mpaka 20 amaundana magazi, ndipo m'masabata 12 oyamba mayi atachira nambalayo imafika 40 mpaka 65. Apo tisanakambe za ngozi zina za uchembere. Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Malawi amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo, omwe ndi pafupifupi 44 pa 10,000. Amenewo ndi maliro enieni, osati kudwala chabe. Mng'ono wanga ankathawa 4 pa 10,000 n'kumalunjika kumene kuli manambala amenewa, pa mimba imene iye mwini sankaifuna panthawiyo.

Zimenezi zinachitikapo kale ku dziko lonse lathunthu. Mu Okotobala 1995 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inalembera madokotala ndi kulengeza kuti mapiritsi atsopano aja amawirikiza kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi poyerekeza ndi akale. Manyuzipepala ndi wailesi anaifalitsa paliponse, ndipo amayi ambiri anasiya kumwa nthawi yomweyo, ena pakati pa paketi. Manambala a nthawi imeneyo anali 15 pa amayi 100,000 pa chaka kwa mapiritsi akale ndi 30 kwa atsopano, komwe ndi kuchoka pa mmodzi kufika pa awiri mwa amayi pafupifupi 7,000. Ofufuza anadzawerengera kuti m'chaka chotsatira ku England ndi Wales mimba zochotsedwa zinawonjezereka ndi pafupifupi 13,000, ena mwa amayiwo ali atsikana achichepere. Komitiyo sinaname. Inangonena yankho la kugawa n'kusiya la kuchotsera kumbuyo.

Mlamu wanga, bambo a kunyumba kwa mng'ono wangayo, anali akumvetsera ali pakhomo. Anati, "Alamu, ndiye kuti akamanena zoti kawiri kawiri tizingoti ndi zoopseza anthu basi?" Funso limeneli ndimaliopa kuposa loyamba lija, chifukwa munthu akaphunzira theka la nkhaniyi amayamba kunyoza machenjezo onse. Ndinawapatsa chitsanzo cha mdulidwe wa abambo. Ku Kisumu, m'dziko la Kenya, anachita kafukufuku pa anyamata 2,784 a zaka 18 mpaka 24, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Theka anadulidwa nthawi yomweyo, theka lina anadikira. Pa zaka ziwiri, mwa odulidwa amene anatenga kachilombo ka HIV anali 2.1 peresenti, mwa osadulidwa anali 4.2 peresenti. Kumenekonso ndi kawiri, chimodzimodzi ndi ku Britain kuja. Koma tikachotsera, kusiyana kwake ndi anyamata 21 pa 1,000 alionse, kapena kuti mnyamata mmodzi wopulumuka pa 48 odulidwa, pa zaka ziwiri zokha, ku matenda a moyo wonse. Mawu ndi amodzimodzi, koma kwina akuimira mmodzi pa 7,000 ndipo kwina mmodzi pa 48. Chasiyanitsa ndi poyambira: kachilomboka kanali kofala pakati pa anyamata a ku Kisumu, pamene kuundana magazi n'kosowa pakati pa amayi achichepere. Mlamu wangayo anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kawiri wa munthu wolemera ndi kawiri wa munthu wosauka salingana m'thumba.

Palinso nthawi imene kuwirikizako pakokha kumakhala kosakhazikika, makamaka pamene odwala amene awerengedwa ndi ochepa kwambiri. Amayi ambiri omwa ma ARV amakumbukira mantha a mu 2018 pa mankhwala a dolutegaravira. Kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anapeza ana 4 obadwa ndi chilema cha msana kapena ubongo mwa 426 amene amayi awo anatenga pakati akumwa mankhwalawo, zomwe zinkaoneka ngati kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu poyerekeza ndi ma ARV ena. Kuchenjeza kunali koyenera, chifukwa nkhani ya mwana siyoseweretsa. Koma nambala yonseyo inatsamira pa ana anayi. Ofufuzawo atapitiriza kuwerenga amayi zikwi zambiri, kusiyanako kunatsikiratsikira mpaka kunatsala pang'ono kuzimiririka, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linalimbikitsa mankhwalawo kwa onse, kuphatikizapo amayi a msinkhu wobereka. Choncho ndikapeza poyambira, ndimayang'ananso kuti odwala enieni amene anawawerenga anali angati.

Tsiku lomwelo ndinaperekeza mng'ono wanga kuchipatala cha kulera, chifukwa masamu anga athera pa kufotokoza, ndipo zoti achite ndi paketi yodukizayo zinali za anamwino. Anamwinowo anamufunsa kuti wadumpha mapiritsi angati komanso ngati anakhala malo amodzi ndi bambo m'masiku asanu apitawo, chifukwa zikanakhala choncho akanakambirana za mapiritsi a pangozi. Anamuuza kuti amwe limodzi nthawi yomweyo, apitirize tsiku ndi tsiku, ndipo agwiritse makondomu kwa masiku 7. Anamuyeza BP, anamufunsa ngati amasuta, ngati amadwala mutu waching'alang'ala wobwera ndi zimezime m'maso, ngati iye kapena m'bale wake wapamtima anaundanapo magazi. Zonse anati ayi. Anawonjezera mfundo imene ine ndinkaidziwa ya m'mabuku koma ndinasangalala kuimva pakamwa pawo: chiopsezo cha kuundana chimakhala chokwera kwambiri m'chaka choyamba munthu atayamba mapiritsi, makamaka miyezi yoyambirira, ndipo chimakweranso munthu akayambiranso atapuma masabata anayi kapena kuposa. Kusiya ndi kuyambiranso nthawi iliyonse pakabwera uthenga woopsa kumam'bweza mayi ku miyezi yovutayo mobwerezabwereza.

Zizindikiro zimene anamuuza kuti asazigonere ndi izi. Mwendo umodzi, kawirikawiri katumba, kutupa, kupweteka ndi kutentha pamene unzake uli bwino. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka m'chifuwa pokoka mpweya, kapena kutsokomola magazi, zomwe zingatanthauze kuti chibuluma cha magazi chayenda kufika m'mapapo. Mutu waukulu wosazolowereka, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena kulephera kulankhula bwino. Zikatero munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo auze adokotala kuti amamwa mapiritsi olera asanafunsidwe n'komwe. Kusowa kwa vutoli sikuchepetsa ukali wake kwa amene lamugwera.

Mafunso a anamwino aja ndi amene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amawaona ngati ongodzazira khadi. Nambala ya 2 pa 10,000 ndi ya amayi onse ophatikizidwa pamodzi. Mayi aliyense ali ndi poyambira pake. Zaka zikamakwera poyambirapo pamakweranso. Kunenepa kwambiri kumakweza, kugona pabedi nthawi yaitali pambuyo pa opaleshoni yaikulu kumakweza, ndipo amene anaundanapo magazi kale ali pamwamba zedi moti sapatsidwa mapiritsi ophatikiza. BP yokwera, kusuta munthu atafika zaka 35, ndi mutu waching'alang'ala wa zimezime uja zimakhudza kwambiri ngozi ina, ya sitiroko ndi mtima, koma kaganizidwe kake ndi kamodzimodzi. Anamwino akamafunsa amakhala akufufuza kuti katatu uja agwera pa nambala yanji mwa mayi amene ali patsogolo pawo.

Ndinaziona zimenezi zikugwira ntchito kwa mkazi wa mchimwene wanga ku Chinsapo, amene anachira mwana wachitatu patapita miyezi ingapo. Anali atamva kwa mng'ono wanga kuti mapiritsi alibe vuto kwenikweni, ndipo mwana asanakwanitse masabata atatu anafuna kuyambiranso Microgynon imene inatsala m'nyumba. Anandifunsa, "Alamu, si inu munawerengera kuti ndi mmodzi pa 2,500?" Ndinawauza kuti nambala imeneyo si yawo pakadali pano. Mayi amene wangochira kumene poyambira pake si 2 ayi, ali pa 40 mpaka 65 paja, chifukwa thupi limakhala litakonzekera kutseka magazi a pobereka. Ndinawalembera pongofuna kuonetsa msinkhu wake: katatu pa 2 amawonjezera 4, koma katatu yemweyo atagwera pa 50 angawonjezere 100. Mankhwala ndi omwewo, kuwirikiza ndi komweko, koma owonjezerawo achuluka maulendo 25. N'chifukwa chake malangizo a WHO amati mapiritsi ophatikiza asamwedwe m'masiku 21 oyamba mayi atachira, ndipo kwa woyamwitsa asayambe masabata 6 asanakwane, ndipo kawirikawiri adikire mpaka mwana atakwanitsa miyezi 6.

Paketi yotsalayo anaisiya. Ku sikelo anamwino anawafotokozera njira zopanda esitirojeni, zomwe ndi mapiritsi a amayi oyamwitsa, kachipangizo koika pamkono ndi lupu, komanso jakisoni wa Depo. Anasankha mapiritsi a oyamwitsa, amene amafuna kumwedwa pa ola lomwelo tsiku lililonse chifukwa kuchedwa kopitirira maola atatu kumawachepetsa mphamvu, ndipo anagwirizana kuti nkhani yobwerera ku Microgynon adzaikambirane mwana akafika miyezi 6, atayezedwanso BP.